Ndikakhudza apa, bolodi likulemba apo: vuto lili pati?

Mayi a Tadala: Muli bwanji nonse? Ndithandizeni maganizo. M'kalasi mwanga muli bolodi lija lolemba ndi chala, lomwe chithunzi chake chimachokera ku pulojekita ya kudenga, ndipo waya wa USB umachoka pa bolodi kupita ku kompyuta. Sabata ino layamba kulemba pena. Ndikakhudza pakati palibe vuto, koma ndikafuna kutseka pulogalamu pa kachizindikiro ka X kumwamba kuja, kamuvi kakutulukira m'munsi mwa chala changa, kutali ndithu. Ndayesa `Calibrate` ya mu Windows, ija yochunira bolodi podina timitanda totulukira pa chithunzi, koma kamtanda koyamba komwe kakukana, ndikadina sikakusuntha. Kodi bolodi lafa?

Yamikani: Silinafe mayi. Kungoti mwachunira pa malo olakwika. Siyani ya Windows, tsegulani pulogalamu yomwe inabwera ndi bolodilo, musankhe timitanda tambiri, 20 ngati tilipo, mudine tonse bwinobwino. Mphindi ziwiri basi mwathana nazo.

Madalitso: Zoti silinafe ndikugwirizana nanu a Yamikani, koma musafulumire kuwatumiza kokachuna. Mayi, ndikufunseni kaye. Chasintha n'chiyani masiku amenewa? Wina anagunda pulojekita, bolodi linasunthidwa, kapena kompyuta ndi ina?

Mayi a Tadala: Pulojekita palibe waikhudza, ili kumwamba. Koma kompyuta inde, yakale ya pa desiki ija anaichotsa, pano ndikugwiritsa ntchito laputopu.

Madalitso: Eya, ndiye tayandikira. Musanadine chilichonse, chitani ichi. Tengani tepi yoyezera. Muyeze malo oyera a bolodi, mulifupi ndi msinkhu. Kenako muyeze chithunzi chowala chomwe pulojekita ikuponya, nachonso mulifupi ndi msinkhu. Mukatero tsegulani pulogalamu iliyonse yojambulira, mumate tizidutswa ta selotepi pa malo asanu, kamodzi pakati penipeni ndi tinayi m'makona a chithunzicho, kulowa mkati pang'ono. Mukhudze pa kaselotepi kalikonse ndi cholembera cha bolodi, muone pamene kadontho katulukire, muyeze kuti kaphonya ndi masentimita angati komanso kapita mbali iti. Manambala amenewo ndi amene atiuze matenda ake.

Yamikani: Zonsezo n'zachiyani achimwene? Kuchuna kumakonza zonse, kaya kaphonyera kumanja kaya kumanzere.

Madalitso: Kumakonza zina, zina kumangoziphimba, zina sikuzikhudza n'komwe. Chomwe anthu ambiri sazindikira n'chakuti bolodi lotere siliona chithunzi. Ilo limangouza kompyuta kuti wina wakhudza pa malo akutiakuti a thupi langa, mwachitsanzo theka la mulifupi, gawo limodzi mwa magawo khumi a msinkhu. Kompyuta imatenga manambala amenewo n'kuika kamuvi pa theka la mulifupi wa chithunzi chake ndi gawo lomwelo la msinkhu wake. Zimagwirizana pokhapokha ngati chithunzi chagona pa bolodi pamene chinagona tsiku lomwe anachuna komaliza. Chithunzi chikasuntha, chikachepa kapena chikapendekeka, bolodi palibe chomwe likudziwa, likungonenabe manambala ake akale. N'chifukwa chake ndimayamba ndi chithunzi, kuchuna kumabwera pomaliza.

Nabanda: Pepani ndilowerere, inenso foni yanga ili ndi vuto lomweli. Ndikamalemba uthenga imadina zilembo zina yokha, nthawi zina imatsegula mapulogalamu ndisanaikhudze. Calibrate ameneyo ndimupeza pati pa foni?

Madalitso: Achemwali, lanulo ndi vuto lina. Pa foni chithunzi ndi galasi lomva chala n'zomatana, sizingasiyane ngati bolodi ndi pulojekita, ndiye palibe choti muchune. Foni yodina yokha kawirikawiri imakhala ndi galasi losweka, chinyezi, kapepala koteteza sikirini komwe kayamba kumatuka, kapena tchaja yosakhala bwino. Onani ngati ikuchita zimenezo ili pa tchaja pokha. Ngati ndi Android, mu `Developer options` muli `Pointer location`, mukayatsa imajambula mzere paliponse pamene foni ikuganiza kuti mwakhudza. Ikamajambula inu manja ali kumbuyo, galasilo ndi lomwe likudwala.

Nabanda: Zoona, imapenga kwambiri ikakhala pa moto. Ndiyesa tchaja ya mwana wanga. Pitirizani za bolodi.

Mayi a Tadala: Ndayeza tsopano ana atatuluka. Bolodi ndi masentimita 156 mulifupi, 117 msinkhu. Chithunzi mulifupi chikudzaza, 156 yemweyo, koma msinkhu ndi 88 yekha. Kumwamba kwatsala mpata wosawala wa masentimita pafupifupi 15, kumunsi 14. Timadontho nati: pakati kagwera pompo, mwina kaphonya ndi sentimita imodzi. M'makona awiri akumwamba kagwera masentimita 10 m'munsi mwa selotepi. M'makona akumunsi kagwera masentimita 10 pamwamba pa selotepi. Cham'mbali sikakuphonya kwenikweni.

Madalitso: Zikomo mayi, manambala anu alankhula okha. Bolodi la 156 ndi 117 ndi la 4:3, kutanthauza magawo anayi mulifupi pa magawo atatu msinkhu, lija amalitcha la mainchesi 77. Kompyuta yakale iyenera kuti inkatumiza chithunzi cha 4:3, monga 1024 x 768, chomwe chinkadzaza bolodi lonse. Laputopu zambiri za masiku ano ndi za 16:9, monga 1920 x 1080 kapena 1366 x 768. Pulojekita ikalandira chithunzi chotambalala chotero imachichepetsa kuti chikwane mulifupi, ndiye msinkhu umatsika. Werengani nokha, 156 kuchulukitsa ndi 9 kugawa ndi 16, mupeza 88 wanu uja. Zotsala, masentimita 29, zagawika kumwamba ndi kumunsi.

Tsono bolodi likuganizabe kuti chithunzi ndi chotalika masentimita 117 pamene chili 88, ndipo 88 ndi magawo atatu mwa anayi a 117. Kutanthauza kuti mtunda uliwonse wochokera pakati kupita kumwamba kapena kumunsi ukufupikitsidwa ndi gawo limodzi mwa anayi. Mukakhudza masentimita 20 pamwamba pa pakati, kamuvi katulukira pa 15, kaphonya ndi 5. Selotepi yanu ya m'makona inali pafupifupi masentimita 40 kuchokera pa mzere wa pakati, kamuvi n'kutulukira pa 30, ndiye 10 munapeza uja. Pakati penipeni palibe chofupikitsa, n'chifukwa chake pakuoneka pabwinobwino. Cham'mbali sikakuphonya chifukwa mulifupi sunasinthe.

Mayi a Tadala: Abale inu! Mipata yosawalayo ndimaiona ndithu koma ndimangoti ndi mmene laputopu imaonetsera. Nanga kamtanda ka Windows kamakaniranji?

Madalitso: Chifukwa pulogalamu ya Windows ija imayembekezera kuti mukhudze pafupi ndi kamtanda. Ikaona kuti kukhudza kwagwera kutali imaganiza kuti mwaphonya, ndiye imangokhala chete kudikira kuti muyesenso. Inuyo mumakhudza pa kamtanda penipeni, koma iyo imalandira uthenga woti mwakhudza masentimita 10 m'munsi. Ntchito yake ndi yokonza kuphonya kwakung'ono.

Yamikani: Mwaona, ndi zomwe ndinanena ine, ya Windows siithandiza. Pulogalamu ya bolodi ikanalandira timitanda tonse, ndipo pofika pano mayiwa akanakhala akuphunzitsa.

Madalitso: Pamenepo simukunama. Pulogalamu ya bolodi ikanaphunzira malo atsopano a chithunzi ndipo kamuvi kakanabwerera pansi pa chala. Koma taonani zomwe akanatsala nazo. Gawo limodzi mwa anayi la bolodi likanangokhala osagwira ntchito. Ngati pulojekita yawo ndi ya 1024 x 768, chithunzi cha 16:9 chikugwiritsa ntchito mizere 576 yokha mwa 768, ndipo zilembo za 1920 x 1080 zikufinyidwa kuti zikwane m'menemo, mwana wa kumbuyo sawerenga. Komanso tsiku lomwe mphunzitsi wina adzalumikize kompyuta ya 4:3, vuto lidzabwerera, ulendo uno motembenuka, kamuvi kakuthawira kunja.

Yamikani: Ndiye angodina batani la `Aspect` pa rimoti ya pulojekita, asankhe 4:3, chithunzi chidzaze bolodi. Zatha.

Madalitso: Chidzadza inde, kamuvi kabwereranso m'malo mwake. Koma pulojekita ikhala ikukoka chithunzi cha 16:9 kuti chitalike. Mayiwa akaonetsa chozungulira pa phunziro la masamu chioneka ngati dzira loimika, nkhope za anthu zitalika. Njira yabwino ndi yoti laputopuyo itumize chithunzi cha 4:3 kuchokera komwe.

Mayi, chitani motere. Onani kaye pa kapepala ka pulojekita kapena m'buku lake kuti chithunzi chake chenicheni n'chotani. Mukaona XGA ndiye 1024 x 768, mukaona WXGA ndiye 1280 x 800. Poti bolodi ndi la 4:3 ndikuyembekezera XGA. Kenako pa laputopu dinani `Windows + P` musankhe `Duplicate`. Mupite ku `Settings`, `System`, `Display`, pa `Display resolution` musankhe 1024 x 768, ndipo `Scale` muiike pa 100%. Pa rimoti `Aspect` ikhale pa `Auto` kapena 4:3. Sikirini ya laputopu ikhala ndi mipata yakuda kumanja ndi kumanzere, musadandaule nazo, chofunika ndi bolodi. Mukatero muyezenso pa timaselotepi tija, koma ta m'makona mutisunthire ku makona atsopano.

Kondwani: Pamene mayi akukayesa, ndifunseko langa. Kwathu ku ntchito tili ndi sikirini yaikulu yokhudza, yopanda pulojekita, ili ngati wailesi ya kanema. Ndikaika `Duplicate` zonse zili bwino. Ndikaika `Extend` kuti ndiziona manotsi anga pa laputopu, ndikakhudza sikirini yaikulu zinthu zikudinika pa laputopu. Ndachita `Calibrate` kangapo, palibe chasintha.

Madalitso: Lanu si la kuchuna a Kondwani. Chithunzi chimadutsa pa waya wa HDMI, kukhudza kumadutsa pa USB, ndipo Windows siidziwa kuti mawaya awiriwa akuchokera ku chinthu chimodzi. Pakakhala masikirini awiri imangopereka kukhudzako ku sikirini yomwe ikuitenga ngati yaikulu mwa udindo, ndiye laputopu yanu. Muyenera kuiuza. Tsegulani `Control Panel`, mupeze `Tablet PC Settings`, mudine `Setup`. Ikakufunsani za cholembera kapena chala, sankhani `Touch input`. Masikirini onse ayera, ndipo mawu atulukira pa imodzi. Ngati mawuwo ali pa laputopu musakhudze kalikonse, dinani `Enter` pa kiyibodi kuti asamukire ku sikirini inayo. Akafika pa yaikuluyo muikhudze ndi chala chimodzi. Basi.

Kondwani: `Tablet PC Settings` sindikuiona mu `Control Panel` yanga.

Madalitso: Sinthani `View by` ikhale `Large icons`, ndipo waya wa USB ukhale wolumikiza, chifukwa imabisala ngati Windows siikuona chipangizo chokhudza. Ikapanda kuonekabe, tsegulani `Command Prompt` ngati `Administrator` mulembe izi, zitsegula chinthu chomwecho:

```
MultiDigiMon.exe -touch
```

Ndipo poti mwachuna kangapo kukhudza kuli pa sikirini yolakwika, mukapeza `Tablet PC Settings` mudinenso `Reset` kuti zomwe munasunga zifufutike. Sikirini ngati yanuyo kawirikawiri imabwera yochuna kale, chithunzi ndi chomvera kukhudza zili m'thupi limodzi.

Kondwani: Zatheka ndi lamulo lolembalo. Koma ndikasintha pobayira USB zikubwereranso?

Madalitso: Zimatha kubwerera, chifukwa Windows nthawi zina imachiona ngati chipangizo chatsopano. Zolowerani kubaya pa dzenje limodzimodzi.

Chisomo: Kwa amene ali pa Linux, nkhani ya a Kondwaniyi imaoneka mwina. Kukhudza kumatambasulidwa pa masikirini onse awiri ngati ndi imodzi yaitali, ndiye ukayendetsa chala kuchoka kumanzere kupita kumanja kwa bolodi, kamuvi kamayenda mtunda wowirikiza mpaka kuwolokera ku sikirini inayo. Ngati muli pa X11, muone nambala ya chipangizo ndi dzina la sikirini, kenako muzimange pamodzi:

```
xinput list
xrandr
xinput map-to-output 12 HDMI-1
```

Pa 12 ndi HDMI-1 muikepo zanu. Mukazimitsa kompyuta zimaiwalika, ndiye lamulo lomalizalo muliike poti liziyamba lokha. Pa Wayland `xinput` sagwira ntchito imeneyi.

Mayi a Tadala: Ndabwera. Pulojekita ndi XGA monga munanenera. Ndaika 1024 x 768, chithunzi chadzaza bolodi, zilembo zakula, mpaka ndasangalala. Ndayezanso. Tsopano paliponse kadontho kakugwera kumanja kwa selotepi ndi sentimita imodzi ndi theka, pakati pomwe. Koma pa kona ya kumwamba kumanzere kakuphonya kwambiriko, pafupifupi masentimita atatu, kumanja komanso m'munsi pang'ono.

Madalitso: Ntchito yaikulu mwaigwira musanachune n'komwe. Kwatsala zinthu ziwiri zosiyana. Kuphonya kofanana paliponse, mbali imodzimodzi, kumasonyeza kuti chithunzi chonse chasendera pang'ono, ndipo izi zimachitika ngakhale palibe wakhudza pulojekita. Chitsulo chopachikira chimawerama pang'onopang'ono, zitseko zikamamenyetsedwa denga limagwedezeka. Pulojekita ikakhala mamita atatu kuchokera pa bolodi, kutembenuka kwa digiri imodzi yokha kumasuntha chithunzi ndi masentimita opitirira asanu, ndiye sentimita imodzi ndi theka ndi kusuntha koti diso silingaone pa pulojekitapo. Kumeneko ndiye kuchuna kumakonza bwino kwambiri. Za kona ija tiona pambuyo.

Poyamba pitani ku `Tablet PC Settings` mudine `Reset` ngati batanilo likudinika, kuti pasakhale zochuna ziwiri zosanjikizana. Bolodi likakhala ndi pulogalamu yake, gwiritsani ntchito yomweyo, ya Windows muisiye. Dzina limasiyana, ena amalemba `Calibrate`, ena `Orient`, ena `Align`. Sankhani timitanda 9 ngati pali posankha.

Yamikani: Bwanji osangopita ku 20? Tikachuluka ndiye kuti zikhala zolondola kwambiri.

Madalitso: Osati nthawi zonse. Timitanda tinayi ta m'makona timakwanira kukonza chithunzi chomwe chasendera, chakula, chachepa kapena chapendekeka, bola mizere yake ikhale yowongoka. Timitanda tambiri timathandiza pamene mizere yapindika, chifukwa pulogalamu imagawa bolodi m'zigawo, chigawo chilichonse n'kukhala ndi kakonzedwe kake. Koma kamtanda kalikonse ndi mwayi wina woti dzanja liphonye, ndipo mukaphonya kamodzi mwa 20 chigawo chimenecho chimasokonekera, mzere wowongoka ukamadutsa pamenepo umakhota. Ine ndimayamba ndi 9, ndikaona kuti pena pakutsalabe ndiye ndimakwera.

Yamikani: Ine ndimachita 20 nthawi zonse ndipo sizinandivutepo.

Chisomo: Mwina dzanja lanu silinjenjemera a Yamikani. Ena fe pofika kamtanda ka 15 mkono umakhala utatopa.

Mayi a Tadala: Ndiuzeni kadinidwe kake ndisaphonye.

Madalitso: Gwiritsani ntchito cholembera cha bolodi, osati chala, chifukwa nsonga ya chala ndi yotakata kuposa sentimita imodzi ndipo simungadziwe kuti bolodi latenga pati. Chigwireni choongoka, choloza bolodi, osati chogoneka ngati mukulemba m'kope. Imani chambali kuti mthunzi wanu usabise kamtanda, koma maso akhale pafupi ndi kutsogolo kwake. Dzanja linalo, chigongono ndi mkono wa malaya zisakhudze bolodi. Timitanda takumwamba musatinyanyamphirire, pezani chopondapo cholimba, chifukwa munthu akanyanyamphira cholembera chimaterereka potsika.

China, mabolodi amasiyana pa nthawi yomwe amalandira. Ena, makamaka ofewa aja oti ukadina umamva kuti pakubonyoka pang'ono, pulogalamu yake imatenga malo omwe mwachotserapo cholembera. Pa amenewo mutha kudina pafupi, kutsetsereza mpaka pakati pa kamtanda, kenako kuchotsa molunjika. Ena amatenga pomwe mwangokhudza koyamba. Olimba okhala ndi felemu yokhuthala amamva ndi kuwala kosaoneka kodutsa pamwamba pa bolodi, moti amalandira cholembera chisanagunde n'komwe, ndiye pamafunika kubwera molunjika osazengereza. Werengani mawu omwe alembedwe pa sikirini yochunira, amanena. Mukaona kuti mwaphonya musapitirire poganiza kuti timitanda tinato tibweza, bwererani kapena yambiraninso. Mu ya Windows, `Esc` amatulutsa osasunga.

Kondwani: Za kuima kutsogolo kwa kamtandazo, pa sikirini yathu yagalasi ndaona kuti ndikaima pakati n'kulemba kumapeto, inki imaoneka ngati ili pambali pa cholembera, koma ndikasendera pafupi ili pompo.

Madalitso: Kumeneko si kuphonya kwa makina. Pakati pa galasi lomwe mukukhudza ndi pomwe chithunzi chikuwalira pali mpata wa mamilimita angapo, ndiye mukayang'ana chopendekera maso amakunamizani. Choopsa n'kuchuna mutaima chambali choncho, chifukwa mumaphunzitsa makina bodza la maso anu, ndipo wina aliyense woima kutsogolo adzapeza kuti ikuphonya. Bolodi la pulojekita lilibe vuto limeneli, chithunzi chili pomwe cholembera chikugunda.

Mayi a Tadala: Ndachita timitanda 9 ndi pulogalamu ya bolodi. Langa ndi lofewa lija, limalandira ndikachotsa cholembera. Pakati ndi makona atatu tsopano zili ndendende. Kona ya kumwamba kumanzere yatsala ndi sentimita imodzi. X uja ndikutseka bwinobwino poti ali kumanja.

Yamikani: Apa tsopano 20 uja wafunika, vomerani achimwene.

Madalitso: Mwina wafunikadi. Koma ndikufuna tidziwe kaye chomwe chavuta pa kona imeneyo. Mayi, yesani zinthu ziwiri. Choyamba, tengani rula yaitali muigoneke pa bolodi, mujambule mzere wowongoka pang'onopang'ono kuchoka pa kona ya kumwamba kumanzere kupita kumanja, wina kutsika pansi. Muone ngati inki ikupatuka mosalala n'kubwerera pa rula, kapena ikudumphadumpha ndi kuduka. Chachiwiri, yang'anani m'mphepete mwa chithunzi chenichenicho. Mzere wakumwamba ukuyenda limodzi ndi felemu ya bolodi, kapena pa konayo wapatuka?

Mayi a Tadala: Inki siikuduka, ikungopatuka mosalala ikamayandikira kona. M'mphepete mwa chithunzi namonso, kumwamba kumanzere chalowa mkati pang'ono, pali kampata pakati pa kuwala ndi felemu, pamene kumanja chagunda felemu.

Madalitso: Nkhani yabwino ndi yoti inki siikuduka. Ikanakhala ikudumpha kapena kusowa pa malo amodzi, tikanati chomvera kukhudza chavulala. Pa mabolodi a felemu yowala zimenezo zimachitika ndi fumbi m'mphepete mwa felemu kapena dzuwa lolowa pa windo, pa ofewa ndi pamene pabonyoka mpaka kalekale. Zoterozo ungachune mpaka dzuwa kulowa sizisintha.

Lanu ndi chithunzi chomwe sichinagone bwino pa kona imodzi. Zifukwa zingakhale ziwiri. Pulojekita itha kukhala kuti yapotoka, siikuyang'ana bolodi maso ndi maso, ndipo wina anabisa zimenezo ndi `Keystone`, chochunira cha mu pulojekita chowongola m'mbali mwa chithunzi chopendekeka. Kapena bolodi lenilenilo silinagone pa khoma, kona imodzi yatukuka. Kona yomwe yayandikira pulojekita chithunzi chimachepa pamenepo, chifukwa kuwala kwagunda kusanatambalale mokwanira. Tsegulani menyu ya pulojekita muone nambala ya `Keystone`, ndipo muyang'ane bolodi kuchokera m'mbali, muone ngati mpata wa pakati pa bolodi ndi khoma ndi wofanana m'makona onse.

Chisomo: Koma a Madalitso, mwanena nokha kuti timitanda tinayi timakonza kupendekeka ngati mizere ili yowongoka. Ikanakhala pulojekita yopotoka, 9 uja akanamaliza zonse. Poti yatsala kona imodzi yokha ndipo inki ikupatuka mopindika, ine ndikuti ndi bolodi latukuka.

Madalitso: Mfundo yanu ndi yomveka, nanenso ndikupendekera komweko. Chondiletsa kulumbira n'chakuti mapulogalamu amabolodi sawerengera mofanana onse, ndiponso kamtanda ka pa kona imeneyo n'kovuta kukafikira kwa munthu wolemba ndi dzanja lamanja, kutha kukhala kuti cholembera chinaterereka pochotsa.

Mayi a Tadala: `Keystone` ili pa 4. Bolodi ndayang'ana m'mbali, kumwamba kumanzere chala changa chikulowa kumbuyo kwake, kumanja sichikulowa. Zikuoneka kuti sikuluwu ya chogwirira yamasuka. Ndiibweze `Keystone` pa 0?

Madalitso: Ayi musaigwire pakali pano. Mukaibweza pa 0 chithunzi chonse chisintha maonekedwe, m'mbali mupendekeka, ndipo zomwe mwachuna lero ziwonongeka. Kuichotsa kumafuna kukwera kukawongola pulojekita yeniyeniyo kuti isafunenso `Keystone`, ndipo imeneyo ndi ntchito ya tsiku lina ndi munthu wa makwerero. Yambani ndi sikuluwuyo, ndipo musaichedwetse, chifukwa bolodi lomasuka pa khoma m'chipinda cha ana nkhani yake siithera pa kamuvi. Akamanga, konayo ibwerera kumbuyo, chithunzi chisintha pang'ono, ndiye mudzachunenso timitanda 9. Ikadzatsalabe sentimita ija, mudzachite 20 wa a Yamikani.

Yamikani: Ndidikira pompano.

Mayi a Tadala: Funso lomaliza. Masana m'kalasi momwemo mumalowa mphunzitsi wina ndi laputopu yake. Zomwe ndachunazi zimugwirira ntchito?

Madalitso: Za 1024 x 768 ayenera kuika yekha pa laputopu yake, apo ayi akumana ndi masentimita 10 anu aja. Za kuchuna zimatengera bolodi. Zomwe wachuna ndi pulogalamu ya Windows zimakhala mu kompyuta yomweyo basi. Za pulogalamu ya bolodi, ena amasunga mu kompyuta, ena m'bolodi momwemo. Njira yodziwira ndi yophweka: timaselotepi tija musatichotse, iyeyo akalumikiza ndi kuika 1024 x 768 akhudze pa tonse tisanu asanachune chilichonse. Kadontho kakagwera pompo ndiye kuti bolodi likukumbukira lokha. Kakaphonyera kumanja ndi sentimita imodzi ndi theka ngati kale, ndiye kuti aliyense azichuna pa kompyuta yake.

Chisomo: Ndipo ngati likusunga m'bolodi momwemo, mugwirizane kuti nonse muzigwiritsa ntchito 1024 x 768. Wina akachuna ali pa 16:9 afufuta za mnzake, m'mawa mwake winayo achunanso, muzingosinthana choncho aliyense akuti bolodi ndi lakufa.

Kondwani: Nanga laputopu ya mnzawoyo ikakana kuonetsa 1024 x 768 pa mndandanda, monga zimachitira zina ukadutsira pa kachipangizo kosintha HDMI kukhala VGA?

Madalitso: Ayese `Windows + P` n'kusankha `Second screen only`, kuti Windows isiye kufunafuna kukula kogwirizana ndi masikirini onse awiri, iyang'ane pulojekita yokha. Akapanda kumupezabe, atenge wina aliyense wa 4:3 yemwe ali pa mndandandawo, monga 800 x 600 kapena 1280 x 960. Zilembo sizioneka zakuthwa ngati pa 1024 x 768, koma chithunzi chidzaza bolodi ndipo kamuvi kakhala pansi pa cholembera. Mndandanda ukakhala wopanda 4:3 aliyense, ndingakayikire kachipangizo kosinthako, abwereke kena ayesere.